Madzi afiiriranji? Zimene bitiruti amaulula akatenthedwa

Aliyense amene anaphikako bitiruti amadziwa kuti chakudyachi chili ndi makhalidwe awiri. Chikhale m'beseni la madzi ozizira, chosasenda, madziwo amakhalabe mbee mpaka madzulo. Koma chidulidwe n'kuponyedwa mumphika wowira, pakangopita mphindi zochepa madzi afiira psuu, ndipo tizidutswa tija tayamba kusuluka. Utoto ndi womwewo, madzi ndi omwewo, chasintha ndi kudulidwa ndi kutentha basi.

Pa kusiyana kumeneku ndi pamene pagona pulakitiko ina yotchuka kwambiri m'maphunziro a bayoloje. Ku Mangalande, bungwe la mayeso la AQA linaika ntchito yofufuza nembanemba ya selo pa nambala 4 mwa mapulakitiko amene wophunzira wa makalasi omaliza a sekondale ayenera kuchita, ndipo aphunzitsi ambiri amaichita ndi bitiruti. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Nembanemba ya selo, imene m'kalasi amaitcha membuleni, siioneka ndi maso, ndipo ngakhale pa maikulosikopu wamba munthu sangaione bwino. Bitiruti amachititsa kuti kuwonongeka kwake kuonekere poyera, chifukwa nembanemba ikangofooka, madzi amafiira.

Utoto wa bitiruti ndi wa gulu lotchedwa betaleni, ndipo wochuluka mwa iwo ndi betanini. Ndi womwewo umene makampani amathira m'zakudya zina kuti zifiire, ndipo pa chikuto amaulemba kuti E162. Umasungunuka m'madzi mosavuta, choncho funso loyamba ndi lakuti, nanga bwanji sutuluka wokha bitiruti akanyowa? Yankho lake ndi malo amene umasungidwa. Pakati pa selo iliyonse pali kathumba ka madzi kotchedwa vakiyolo, ndipo utoto uli m'menemo. Kathumbako kakutidwa ndi nembanemba yakeyake, dzina lake tonopulasiti. Kuti utoto ufike kunja, uyenera kudutsa tonopulasiti, kenako n'kudutsanso nembanemba yokuta selo yonse. Kunja kwenikweni kuli khoma la selo lopangidwa ndi selulozi, koma limeneli silitsekereza kanthu: madzi ndi zosungunuka m'madzimo zimangodutsa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuisunga, chifukwa ophunzira ambiri amadzataya malikisi ponamizira khomali.

Nembanembayo ndi yopyapyala kwambiri, pafupifupi mananomita 7. Zitasanjikizidwa 100,000 sizingakwane milimita imodzi. Mu 1972, akatswiri awiri, Singer ndi Nicolson, anafotokoza kapangidwe kake m'njira imene mabuku akutsatabe mpaka lero. Pali mizere iwiri ya timafuta totchedwa fosifolipidi. Kalikonse kali ndi mutu wogwirizana ndi madzi ndi michira iwiri yothawa madzi, motero mitu imayang'ana kunja, michira n'kubisala pakati. M'kati mwa timafutato mwamwazikana mapuloteni, ena ongokhala pamwamba, ena oboola mbali zonse ziwiri kuti azilowetsa ndi kutulutsa zinthu zosankhidwa. Timafutato sitinamatidwe malo amodzi ayi, timayendayenda cham'mbali nthawi zonse. Betanini ndi wamkulu ndithu komanso ndi wokonda madzi, kotero sangathe kupyola pakati pa michira ya mafuta ija. Amakhala m'katimo mpaka china chake chitasokoneza dongosolo la nembanemba.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kugula. Pamafunika bitiruti wamuwisi, wolimba, wosafota. Wophikaphika wa m'mabotolo kapena wa m'mapaketi alibe ntchito, chifukwa nembanemba zake zinawonongeka kale, ndipo amafiiritsa madzi pa kutentha kulikonse. Ndi bwinonso kudula tizidutswa tonse pa bitiruti mmodzi, popeza wina amakhala ndi utoto wambiri kuposa mnzake.

M'labotale amagwiritsa ntchito kachitsulo konga paipi koboolera zivindikiro za mabotolo. Amakabaya mu bitiruti n'kutulutsa timitanda tofanana kunenepa, kenako amachotsa nsonga zokhala ndi khungu n'kudula kalikonse kutalika sentimita imodzi. Kumene kachitsuloko kulibe, lezala ndi lula zimakwanira kudula timabokosi ta sentimita imodzi mbali zonse, bola podulira pakhale thabwa kapena thailo, osati chikhatho. Kufanana kwa tizidutswa si nkhani ya ukhondo chabe. Kachidutswa kakakulu kali ndi maselo ambiri okhudzana ndi madzi, ndiye katulutsa utoto wambiri ngakhale nembanemba zake zili bwinobwino.

Kenako pamabwera sitepe imene anthu opupuluma amaidumpha, pomwe ndi imene imasiyanitsa pulakitiko yabwino ndi yowonongeka: kutsuka. Mpeni ukamadutsa umang'amba maselo ambirimbiri, ndipo utoto wa m'maselo ong'ambikawo umamatirira pa kachidutswa. Ukapanda kuchotsedwa, ufiiritsa madzi onse, ozizira ndi otentha omwe, ndipo wophunzira ayesa kuti ndi ntchito ya kutentha pomwe ndi ntchito ya mpeni. Tizidutswa tizitsukidwa pa madzi oyenda kapena kusinthidwira madzi kangapo mpaka madziwo atasiya kufiira. Ena amativiika usiku wonse. Potulutsa, tizingogusidwa pang'ono pa pepala lomwa madzi, osafinya, ndipo pogwira ndi kambano osatsina mwamphamvu.

Tsopano machubu. M'chubu chilichonse mumathiridwa madzi otchezedwa okwana mamililita 5, ndipo machubuwo amaimikidwa m'mabika a madzi otentha mosiyanasiyana: madigiri 20, 30, 40, 50, 60 ndi 70 pa muyeso wa Selisiyasi. Bitiruti asalowe msanga. Machubu ayambe akhala m'menemo mphindi zisanu kapena kuposerapo, ndipo femomita ilowe m'chubu mwenimwenimo kutsimikiza kuti madzi afikadi pa kutentha kofunikako. Akafika, kachidutswa kamodzi kamalowa m'chubu chilichonse, wotchi n'kuyamba. Njira imodzi yofala imapereka mphindi 30. Ena amafupikitsa, ndipo palibe vuto, bola nthawiyo ikhale imodzimodzi pa machubu onse. Kumene kulibe makina osunga kutentha, munthu mmodzi ayenera kukhala pambali ndi fulasiki ya madzi otentha, kuyang'ana femomita n'kumathira pang'onopang'ono, chifukwa bika ya madigiri 70 imazizira mwachangu kwambiri kuposa ya madigiri 30. Nthawi ikakwana, kachidutswa kamachotsedwa, chubu n'kugwedezedwa pang'ono kuti utoto umene wadikha pansi usakanikirane. Kutentha kulikonse kuyesedwe katatu.

Maso amaona kuti chubu ichi chafiira kuposa icho, koma sanena kuti ndi mochuluka bwanji. Ntchito imeneyo ndi ya kalarimita, kamakina kamene kamaunika madziwo n'kuyeza kuwala kumene kwatsekerezedwa. Utoto wofiira umameza kwambiri kuwala kobiriwira, kwa mananomita pafupifupi 535, n'chifukwa chake pamaikidwa sefa yobiriwira. Sefa yofiira ingapereke manambala aang'ono osathandiza, popeza kuwala kofiira kumangodutsa m'madzi ofiira. Asanayeze chilichonse, makinawo amayamba atcheredwa pa 0 ndi madzi oyera. Tigalasi toyezera tizigwiridwa kumbali zosaonekera, chifukwa zidindo za zala nazo zimatsekereza kuwala.

Pa makina ambiri pali miyeso iwiri, ndipo imayenda mosemphana. Wolembedwa Abs umanena za kuwala komezedwa, ndipo umakwera utoto ukamachuluka. Wolembedwa %T umanena za kuwala kodutsa, ndipo umatsika utoto ukamachuluka. Wophunzira amene sanayang'ane kuti makina ali pa muyeso uti akhoza kulemba ndemanga yotembenuzika, kunena kuti kutentha kumalimbitsa nembanemba.

Sukulu yopanda kalarimita isataye mtima, chifukwa ntchitoyi imatheka ndithu. Amatenga madzi ofiira kwambiri a bitiruti wowiritsidwa n'kuwatcha 100. M'chubu china amathira mamililita 8 a madziwo ndi 2 a madzi oyera n'kuchitcha 80, china 6 ndi 4 n'kuchitcha 60, mpaka kufika pa madzi oyera okhaokha amene ndi 0. Chubu chilichonse cha pulakitiko amachiyerekeza ndi mzerewu kutsogolo kwa pepala loyera. Njirayi ndi yodalira maso, ndipo anthu awiri akhoza kutsutsana ngati mtundu uli pa 40 kapena pa 60, choncho lipoti liyenera kunena zimenezo poyera.

Tiyerekeze kuti gulu lina lachita zonsezi ndi kalarimita, ndipo manambala otsatirawa ndi ongopangira chitsanzo. Pa madigiri 20 apeza avereji ya 0.05, pa 30 apeza 0.07, pa 40 apeza 0.11. Pa 50 nambala yafika pa 0.24, pa 60 yalumpha kufika pa 0.71, ndipo pa 70 ili pa 0.93. Akajambula girafu, kutentha kuli chopingasa ndipo kuwala komezedwa kuli choimirira, mzere wake sutuluka wowongoka. Umayamba wagona pansi, kenako umadzuka mwadzidzidzi, ndipo kumapeto umayambanso kupendekera kogona. Nkhani yonse ili m'maonekedwe amenewa, chifukwa akusonyeza kuti pakuchitika zinthu ziwiri zosiyana.

Kuyambira pa 20 mpaka cha m'ma 40, kutentha kumangowonjezera mphamvu ya kayendedwe. Timafuta tija timayenda mofulumirirapo, timatalikirana pang'ono, ndipo nembanemba imafewa. Utoto wochepa umapeza mpata. Nawo utotowo umayenda mofulumira m'madzi ofunda, kuchoka kumene wachuluka kupita kumene wachepa, zimene zimatchedwa difyushoni. Koma nembanemba ikadali yathunthu, n'chifukwa chake pa madigiri 20 onsewo nambala yangokwera ndi 0.06.

Kupitirira apo mapuloteni ndi amene amagonja. Puloteni ndi chingwe chachitali chopindidwa mwaluso, ndipo mapindidwewo amagwiridwa ndi timfundo tofooka, monga ta haidirojeni. Kutentha kukakula, chingwecho chimanjenjemera mpaka timfundoto timamasuka, puloteni n'kutaya maonekedwe ake. Ndi zomwe zimachitikira choyera cha dzira pa chiwaya: chimauma, ndipo ngakhale chizizire sichibwereranso mwakale. Mapuloteni a m'nembanemba akapindika chonchi amasiya mipata, pomwe timafuta nato tafewa kale kwambiri. Tonopulasiti ndi nembanemba yakunja zonse zimabooka, utoto n'kukhuthuka. M'chitsanzo chija, pakati pa madigiri 50 ndi 60 nambala yakwera ndi 0.47, kuchuluka pafupifupi katatu pa madigiri 10 okha.

Nanga bwanji mzere ukugonanso chakumapeto? Nembanemba zambiri zikawonongeka sipatsalanso zambiri zoti ziwonongeke, ndipo utoto wa m'kati ndi wa kunja umayamba kuyandikira kufanana, motero kutuluka kumachepa liwiro. Palinso china chimene chimadabwitsa ophunzira amene amafika pa madigiri 80 kapena 90: nthawi zina madzi amaoneka otuwirako kapena oderako kuposa a pa 70. Sikuti nembanemba yachira. Betanini mwiniwakeyo amawonongeka akatenthedwa kwambiri kwa nthawi yaitali, ndiye utoto watuluka wambiri koma wina waphwanyika.

Mbali ya kuzizira nayo ili ndi msampha wake. Pa madigiri 5, mwachitsanzo, timafuta timathithikana ndipo utoto wotuluka ndi wochepa kwambiri. Koma bitiruti amene anaikidwa m'chipinda choundanitsa cha furiji amachita zosiyana. Madzi a m'maselo akaundana amapanga timiyala ta ayezi takuthwa timene timang'amba nembanemba, ndipo akasungunuka amafiiritsa madzi ngati wophika. Bitiruti wa pulakitiko asaundane.

Pofika pa ndemanga yomaliza ndi pamene ophunzira ambiri amene anagwira bwino ntchito ya manja amapunthwa. Chiganizo chofala ndi ichi: "Kutentha kukakwera, utoto wambiri umatuluka." N'choona, koma mayi aliyense wophika akanatha kunena zimenezo osagwira chubu. Chiganizochi sichikutchula nambala, sichikuona kuti mzere unapindika, ndipo sichikutchula n'komwe nembanemba, imene ndiyo inkafufuzidwa. Ndemanga yabwino imayamba ndi zimene zaoneka, ndi manambala ake. Ikatero imalumikiza zooneka ndi chinthu chosaonekacho, popeza makina sanayeze nembanemba koma kufiira kwa madzi. Kenako imafotokoza chifukwa, ndipo imathera pa malire a zimene manambalawo angathe kunena. Pa mayeso ambiri lipotilo limalembedwa m'Chingerezi, koma kaganizidwe kake ndi komweka. Ndi manambala a chitsanzo chija, ndemanga ikhoza kuyenda motere:

"Kuwala komezedwa kunakwera pamene kutentha kunkakwera, kuchoka pa 0.05 pa madigiri 20 kufika pa 0.93 pa madigiri 70. Kukwerako kunali kochepa mpaka pa madigiri 40, ndipo kunali kwakukulu kwambiri pakati pa madigiri 50 ndi 60, kuchoka pa 0.24 kufika pa 0.71. Kuwala komezedwa kukachuluka ndiye kuti utoto wotuluka m'maselo wachuluka, kusonyeza kuti tonopulasiti ndi nembanemba yakunja zikulola zinthu zambiri kudutsa. Pa kutentha kochepa, mafosifolipidi amayenda mofulumira ndipo nembanemba imafewa. Kupitirira madigiri 50, mapuloteni a m'nembanemba amataya maonekedwe awo n'kusiya mipata, motero utoto umatuluka mwa difyushoni. Popeza miyeso inatalikirana ndi madigiri 10, zotsatirazi zikungosonyeza kuti kuwonongeka kwakukulu kunachitika pakati pa 50 ndi 60, osati digiri yeniyeni."

Chiganizo chomalizacho ndi chimene chimaonetsa wophunzira woganiza. Ambiri amalemba kuti nembanemba imawonongeka pa madigiri 60, pomwe pa 52, pa 55 kapena pa 58 sanayezepo. Wofuna kudziwa malo enieni abwereze ntchitoyo pakati pa 50 ndi 60, motalikirana ndi madigiri 2. Ndiponso mawu akuti "zatsimikizira" ndi olemera kwambiri kwa bitiruti mmodzi woyesedwa masana amodzi. "Zikusonyeza" kapena "zikugwirizana ndi" ndiwo mawu oyenera. Pulakitikoyi siinaonetse puloteni ikupindika. Inaonetsa madzi akufiira m'njira yogwirizana ndi zimene sayansi ikudziwa kale za mapuloteni.

Miyeso itatuitatu ija nayo ili ndi mawu ake m'ndemanga. Tinene kuti pa madigiri 60 gulu lija linapeza 0.69, 0.71 ndi 0.73. Manambalawa ayandikana, ndipo ali kutali ndi a pa madigiri 50, choncho kusiyanako n'kodalirika. Koma pa madigiri 30 linapeza 0.06, 0.08 ndi 0.31. Nambala yachitatuyo yasochera. Itaphatikizidwa, avereji ingakhale 0.15, kuposa ya pa madigiri 40, ndipo girafu ingaoneke ngati utoto unachepa kutentha kutakwera. Choyenera ndi kuilemba m'tebulo, kuizunguliza, kuisiya powerengera avereji, ndi kunena chimene chingakhale chinachititsa: mwina kachidutswa kosatsukidwa bwino, kapena kotsinidwa ndi mbano. Kuifufuta mwakachetechete ndi chinyengo, ndipo kuibwereza ndi kwabwino koposa ngati nthawi ilipo. Chinanso, ngati pa madigiri 20 miyeso inali pakati pa 0.04 ndi 0.06, pomwe pa 30 yayambira pa 0.06, magulu awiriwa akukhudzana, ndipo wophunzira alibe mphamvu yonenera kuti pali kusiyana kwenikweni pamenepo.

Zolakwa zina ndi za mawu, koma zimaulula kuti mfundo sinamveke. Wolemba kuti khoma la selo ndi limene linasweka waphonya, chifukwa khomalo silinkasunga utoto. Wolemba kuti utoto unatuluka mwa osimosisi waphonyanso, chifukwa osimosisi ndi kuyenda kwa madzi, pomwe utoto umayenda mwa difyushoni. Kutaya maonekedwe kuja ndi kwa mapuloteni, timafuta timangofewa. Ndipo pa gawo la zofooka za pulakitiko, kulemba kuti "panali zolakwa za anthu" sikupindula kanthu. Chofooka chitchulidwe ndi dzina, pamodzi ndi mbali imene chinakankhira zotsatira. Mwachitsanzo, bika ya madigiri 70 inatsika kufika pa 63 mphindi 30 zisanathe, choncho nambala ya pamenepo ikhoza kukhala yochepa kuposa yoyenera, ndipo mankhwala ake ndi makina osunga kutentha kapena kukuta bikayo ndi nsalu.

Pali chofooka china chobisika chimene ndi ochepa amachiona. Popeza kachidutswa kamakhala m'madzi otenthawo nthawi yonse, kutentha kukuchita ntchito ziwiri pakamodzi: kuwononga nembanemba ndi kufulumizitsa difyushoni. Kufiira kwa madzi kukuchokera ku zonse ziwiri. Njira ina imalekanitsa zimenezi. Kachidutswa kalikonse kamaviikidwa m'madzi a kutentha kwake kwa mphindi imodzi yokha, kenako tonse timasamutsidwira m'machubu a madzi ofanana kutentha, a m'chipindamo, n'kukhala m'menemo nthawi yofanana. Pamenepo difyushoni ikuyenda pa kutentha kumodzi m'machubu onse, ndipo kusiyana kumene kwatsala kukuchokera ku kuwonongeka kwa nembanemba. Mphunzitsi amene ali ndi bitiruti wokwanira ndi mapiriyodi awiri achititse njira zonse ziwiri, ophunzira ajambule magirafu ake pa pepala limodzi, ndipo aliyense alembe yekha chimene chasiyanitsa mizere iwiriyo.